Mmene Mnzako Akubetchera Ndi Mmene Akuululira Makadi Ake

Amene anaonera filimu ya James Bond ya Casino Royale, yotuluka mu 2006, amakhulupirira kuti katswiri wa poka amapambana poyang'anitsitsa nkhope ya mnzake: diso likaphethira, chala chikagunda pachipumi, ndiye kuti bodza lagwidwa. Zizindikiro za thupi zilipodi, ndipo Mike Caro analemba buku lathunthu la zimenezi m'zaka za m'ma 1980. Koma nkhope munthu amaiphunzitsa. Wina amavala magalasi akuda, wina amanjenjemera dala, ndipo posewera pa intaneti nkhopeyo simuiona n'komwe. Chimene wosewera sangabise ndi ndalama zimene waika pakati pa tebulo, nthawi imene waziika, ndi kuchuluka kwake. Kuusa moyo n'kwaulere, pomwe kubetcha kuli ndi mtengo, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kubetchako kuposa nkhope.

Tiyambe ndi mmene masewerawa amayendera, mu mtundu wotchuka wa Texas Hold'em. Makadi alipo 52, a mitundu inayi: mtima, dayamondi, fosholo ndi tsamba. Aliyense amalandira awiri obisika. Kenako pa tebulo pamayalidwa asanu oonekera, amene onse amagwiritsa ntchito: atatu nthawi imodzi, kenako lachinayi, kenako lomaliza. Kubetcha kumachitika kanayi, ndipo nthawi yanu ikakwana mutha kudutsitsa osaika kanthu, kubetcha, kufananitsa ndalama zimene wina waika, kukweza, kapena kutaya makadi n'kutuluka. Choncho pofika kumapeto, mnzanu amakhala kuti wayankha kale mafunso angapo ndi thumba lake.

Ongoyamba kumene amafuna kulosera makadi awiri enieni. Mumva wina akuti ndikudziwa ali ndi A ndi K. Si mmene odziwa amaganizira. Makadi awiri angaphatikizane m'njira 1,326, ndipo ntchito yanu ndi kuyamba ndi gulu lonse la makadi amene munthuyo angasewere motero, n'kumachotsamo pang'onopang'ono. Zili ngati kusefa ufa: kubetcha kulikonse ndi kugwedeza sefa, ndipo zotsala pamwamba zimanka zichepa. Lamulo lake ndi limodzi, koma anthu amaliphwanya kawirikawiri: chimene mwachichotsa koyambirira musachibwezeremo kumapeto chifukwa choti mantha akugwirani kapena mukulakalaka kupambana.

Tiyese ndi chitsanzo chongoyerekeza. Muli pa tebulo la anthu 9, pomwe ndalama zokakamiza zoyambira ndi dola 1 ndi madola 2. Bambo wina wosamala, amene mwamuona akutaya makadi kwa ola lathunthu, wakhala mpando woyamba kulankhula ndipo wakweza kufika madola 6. Mpando umenewu ndi umboni kale. Kumbuyo kwake kuli anthu 8 amene sanalankhule, kotero munthu wosamala salowa pamenepo ndi zinyalala. Tinene kuti ali ndi makadi awiri ofanana kuyambira 7-7 mpaka A-A, kapena A-K, A-Q, A-J, kapena K-Q. Inu muli mpando womaliza ndi K ndi Q, onse a tsamba. Mwafananitsa, ena onse ataya, ndipo pakati pali madola 15.

Atatu oyamba atuluka: K wa dayamondi, 9 wa mtima, 4 wa mtima. Muli ndi ma K awiri, zomwe n'zabwino ndithu. Bamboyo wabetcha madola 10. Apa musafulumire kumva zambiri, chifukwa munthu amene anakweza poyamba nthawi zambiri amapitiriza kubetcha pa atatu oyamba ngakhale makadi sanamukomere. Sefa yagwedezeka pang'ono chabe. Mwafananitsa, mulu wafika madola 35.

Khadi lachinayi ndi 2 wa fosholo, losasintha kanthu. Wabetchanso, madola 25. Kubetcha kwachiwiriku ndiko kumalankhula kwambiri. Iye waona kuti simunathawe, ndiye akudziwa kuti muli ndi kenakake. Akanakhala ndi 10-10, J-J kapena Q-Q, K ali pa tebuloyo akanamuziziritsa mtima n'kudutsitsa. A-Q ndi A-J amene sanagwire kalikonse akanasiyira pomwepo, kupatula ngati onse awiri ali a mtima, popeza pamenepo akudikira mtima wachisanu kuti apange fulashi, yomwe ndi makadi asanu a mtundu umodzi. Mwafananitsanso, mulu ndi madola 85.

Lomaliza ndi 3 wa fosholo. Mtima sunabwere. Bamboyo wakankha madola 85, mulu wonse.

Tsopano werengani. Makadi awiri ofanana, monga A-A, amapangika m'njira 6. Awiri osiyana, monga A-K, amapangika m'njira 16. Koma makadi amene mukuwaona, m'manja mwanu ndi pa tebulo, amachepetsa manambalawa, ndipo apa ndi pamene pagona luso. Ma K alipo anayi. Mmodzi muli naye, wina ali pa tebulo, otsala ndi awiri. Ndiye K-K ingatheke m'njira imodzi yokha, ndipo A-K ingatheke m'njira 8, ma A anayi kuchulukitsa ndi ma K awiri. A-A ikadali 6. Ma 9 atsala atatu, kotero 9-9 ingatheke m'njira 3. Zonse pamodzi, njira 18 zimene zikukuposani. Nanga zimene mukuziposa? A-Q wa mtima ndi A-J wa mtima, amene anadikira fulashi koma sinabwere, ndipo tsopano akungoopseza. Njira 2 basi. K-Q ngati wanu akhoza kukhala naye, koma munthu wosamala sakankha mulu wonse kachitatu ndi makadi otere.

Funso lotsala ndi la mtengo. Mukuika madola 85 kuti mutenge 170 amene ali pakati. Kuti zimenezi zisakuluzitseni m'kupita kwa nthawi, muyenera kupambana kamodzi pa katatu kalikonse. Pa njira 18 zamphamvu pakufunika njira 9 zoopseza, koma inu mwapeza 2, kamodzi pa khumi. Ngakhale mumukomere mtima n'kuwonjezera A-10, Q-J ndi J-10 a mtima, zangofika 5 pa 23. Tayani makadi. Zimawawa kutaya ma K awiri, ndipo mwina tsiku limenelo anali kuopsezadi. Koma simunafunikire kuona ngati mtsempha wa pakhosi pake ukugunda.

Sinthani chinthu chimodzi, nkhani yonse isintha. Tinene kuti pa khadi lachinayi bamboyo anadutsitsa, inunso n'kudutsitsa, kenako pa lomaliza n'kukankha mulu wonse. Kodi munthu wa 9-9 kapena A-A akanakupatsani khadi laulere mitima iwiri ili pa tebulo? Ambiri sangatero. Amene ali ndi makadi amphamvu amafuna mulu ukule, ndipo amaopa kupitiriridwa. Kudutsitsako kwachotsa zambiri mwa njira 18 zija, pomwe makadi amene anaphonya onse akadalimo. Kubetcha kwakukulu komalizako sikukugwirizana ndi zimene zinachitika m'mbuyo, ndipo pamenepo kufananitsa kumamveka. Funso loyenera kudzifunsa nthawi zonse ndi ili: ndi makadi ati amphamvu amene akanaseweredwa chonchi kuyambira pachiyambi mpaka pano? Mukasowa yankho, mwina mukunamizidwa.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo chitsanzo chodziwika ndi cha mu 2003 ku Las Vegas, pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker. Anatsala awiri: Sam Farha, katswiri wa zaka zambiri, ndi Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene anapeza mpando wake popambana pa intaneti. Farha anali ndi Q ndi 9, Moneymaker K wa fosholo ndi 7. Atatu oyamba anali 9, 2 ndi 6, awiri mwa iwo a fosholo, ndipo onse anadutsitsa. Lachinayi linali 8 wa fosholo. Farha anabetcha, Moneymaker anakweza, Farha anafananitsa. Lomaliza linali 3 wa mtima, ndipo Farha atadutsitsa, Moneymaker anakankha zonse zimene anali nazo, m'manja mulibe kanthu koma K yekha. Farha anaganiza nthawi yaitali, mpaka anatchula mokweza kuti mwina mnzakeyo waphonya fulashi, komabe anataya ma 9 ake awiri amene akanapambana. Moneymaker anadzatenga mpikisanowo ndi madola 2.5 miliyoni.

Chimene chinagwira Farha si nkhope. Kubetcha kwa Moneymaker kunali kogwirizana. Anakweza pa khadi lenilenilo limene linabweretsa fosholo wachitatu ndi 6, 8, 9 oyandikana, nthawi imene munthu wa fulashi kapena wa makadi asanu otsatizana akanakwezanso, ndipo anapitiriza mpaka kumapeto. Analinso ndi K wa fosholo m'manja, zomwe zinachepetsa mwayi woti Farha ali ndi fulashi yaikulu. Wodziwa kusewera amaopseza m'njira yomweyo imene amabetchera akakhala ndi makadi abwino, ndi ndalama zofanana, kuti kuwerenga kwanu kukuthereni pakati. Kwa munthu wotere simungadziwe chimene ali nacho. Mungangodziwa kuti mwa zonse zimene angakhale nazo, zingati ndi zoona ndipo zingati ndi zabodza.

Vuto lina, lofala kwambiri pa matebulo ang'onoang'ono, ndi kuganiza kuti mnzanu amaganiza ngati inu. Kuwerenga kwathu konse kuja kunatsamira pa mawu amodzi, akuti bamboyo ndi wosamala. Akanakhala munthu wolowa m'masewera aliwonse ndi makadi alionse, gulu loyambira likanakhala lalikulu kangapo, lodzaza ndi K-J, K-10 ndi mitima ing'onoing'ono, ndipo K-Q wanu akanakhala wamphamvu. Nanga mungadziwe bwanji mtundu wa munthu? Yang'anirani pamene makadi aonetsedwa kumapeto, makamaka inu mutatuluka kale ndipo mutu uli pamalo. Bwererani m'mbuyo m'maganizo: anakhala mpando uti, anakweza zingati, pa lachinayi anatani? Anthu ambiri osaphunzira masewerawa amabetcha pang'ono akakhala ndi makadi apakatikati, ngati akugula mwayi woona mapeto motchipa, ndipo akakweza pa khadi lachinayi kapena lomaliza kawirikawiri amakhala nazodi. Koma kuonetsedwa kumodzi si chikhalidwe cha munthu. Mukamuona katatu kapena kanayi akuchita zofanana, pamenepo mutha kuyamba kuikapo ndalama zanu, n'kumakumbukira kuti iyenso akuona mmene inu mukubetchera.