Bajeti ya miyezi 9 ndi msampha wa mtolankhani wothamanga

Mu Meyi 2021, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Felix Mlusu, inaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe n'kulengeza bajeti ya K1.99 thiriliyoni. Bajeti ya chaka chapitacho, yomwe nduna yomweyi inapereka mu Sepitembala 2020, inali ya K2.19 thiriliyoni. Mtolankhani amene ntchito yake n'kutumiza nkhani nthawi yomweyo nduna ikulankhula akanatha kulemba m'kamphindi kuti boma lachepetsa ndalama zogwiritsa ntchito. Manambala onse awiri akanakhala olondola, koma nkhaniyo ikanakhala yabodza.

Chinachitika n'chakuti boma linkasintha chaka chake cha zachuma. Kale chinkayamba pa 1 Julaye n'kutha pa 30 Juni, koma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Pofuna kulumikiza makalendala awiriwa, bajeti ya 2021/22 inali ya miyezi 9 yokha, kuyambira Julaye 2021 mpaka Malichi 2022. Mukagawa K2.19 thiriliyoni pa miyezi 12, mupeza pafupifupi K183 biliyoni pamwezi. Mukagawa K1.99 thiriliyoni pa miyezi 9, mupeza pafupifupi K221 biliyoni. Ndalama zomwe boma linkafuna kuwononga pamwezi zinali zitakwera ndithu, ndipo masamu ake satenga ngakhale mphindi imodzi pa foni.

Apa ndi pomwe mtolankhani wodziwa ntchito amagawa nkhani zake pawiri. Zimene nduna yanena amazitumiza mwachangu, n'kutchula kuti yanena ndi nduna. Koma mawu oti "yakwera", "yatsika" kapena "yachepetsedwa" amawagwira kaye, chifukwa mawu amenewa ndi chigamulo chake iye mwini, ndipo amafuna nambala yachiwiri yoyerekeza nayo. Nambala yachiwiriyo nayonso ili ndi mavuto ake. Chaka chilichonse chimakhala ndi bajeti yomwe aphungu anavomereza poyamba, komanso ina yomwe inakonzedwanso pa kuunika kwa pakati pa chaka. Nduna ikanena kuti unduna wa zaumoyo waonjezeredwa ndalama, funso loyamba n'lakuti waonjezeredwa poyerekeza ndi iti mwa ziwirizi.

Choncho ntchito yambiri imagwiridwa dzulo lake. Pa desiki pamakhala pepala limodzi lolembedwa kale manambala a chaka chatha: bajeti yonse, ndalama zamisonkho, ngongole yomwe boma linakonza kutenga, ndi zomwe zinapita ku ulimi, maphunziro ndi zaumoyo, chilichonse chili ndi mpata pambali pake wolembamo nambala yatsopano. Mmodzi amamvetsera ndi kulemba, wina amatsata ndi chala chikalata cha mawu a nduna chikangopezeka, ndipo mkonzi amawerenganso nambala iliyonse isanatuluke. Kumene anthu ndi ochepa, ndi bwino kutumiza nkhani zochepa kusiyana n'kudumpha kuwerenganso kumeneku.

Khutu lokha silodalirika m'nyumba ya aphungu. Nduna imawerenga m'Chingerezi kwa nthawi yaitali, aphungu a mbali ya boma akumenya matebulo ndipo a mbali yotsutsa akukuwiza. M'phokoso lotere miliyoni ndi biliyoni zimamveka ngati mawu amodzi, pomwe biliyoni imaposa miliyoni ka 1,000. Wozolowera amadzifunsa ngati nambalayo ikugwirizana ndi chinthucho: K20 miliyoni singamange msewu wa phula wolumikiza maboma awiri, ndiye kuti pamenepo khutu laphonya.

Nkhani za msonkho ndi zomwe anthu amazidikirira kwambiri, ndipo n'zomwe zimapweteka zikalakwika. Mu 2020 gawo la malipiro losadulidwa msonkho linakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi. Kulemba kuti olandira K100,000 kapena kucheperapo sadzadulidwanso msonkho n'zoona, koma n'theka la nkhani. Mphunzitsi kapena namwino wolandira zoposa pamenepo nayenso anapindula, chifukwa msonkho unkayamba kuwerengedwa pa ndalama zopitirira K100,000 yoyambayo. Komanso pa tsiku la bajeti zonsezi zimakhala zikadali pempho la boma. Aphungu amakazikambirana m'makomiti, kenako n'kuvomereza malamulo ake. Wolemba mosamala amati "nduna ikufuna" kapena "boma lapempha", ndipo amafufuza tsiku lomwe kusinthako kudzayambe, kuti wogwira ntchito asakakangane ndi wowerengetsa malipiro pakutha pa mwezi.

Nanga cholakwika chikatuluka? Kungofufuta mwakachetechete sikuthandiza, chifukwa pofika nthawiyo wina anajambula kale uthengawo ndipo ukuzungulira m'magulu a WhatsApp. Chofunika n'kutumiza uthenga watsopano wonena poyera kuti nambala yoyamba ija inali yolakwika, kutchula yolondola ndi nthawi yomwe akonzera. Wa pa wailesi amabwereza kukonzako kangapo pulogalamu isanathe, popeza amene anamva nambala yolakwika mwina anali atatuluka panja pomwe yolondola inkanenedwa koyamba.