Imelo ya ndime zisanu, pempho lili pansi penipeni

Mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza akufuna chinthu chimodzi kwa wapampando wake amene ali ku tauni: chilolezo cholipira K350,000 yobwerekera lole. Atsegula foni nayamba kulemba. Ndime yoyamba ndi malonje. Yachiwiri ikufotokoza mmene msonkhano wapitawo unayendera, yachitatu ikudandaula za sikelo yomwe yafa ndi matumba omwe akuchepa. Nkhani ya lole ikutulukira m'ndime yachisanu, nayonso yovala mawu akuti "mwina mungaganizirepo mukapeza mpata".

A tcheya aiwerenga ali m'minibasi, ayankha kuti "zikomo, ndaona", basi. Sanakane. Sanaone n'komwe kuti apemphedwa kanthu.

Imelo yotereyi siipa chifukwa cha kutalika kokha. Wolembayo watsata ndondomeko ya mmene zinthu zinachitikira, monga amachitira munthu pofotokoza mlandu pabwalo, pomwe wowerenga akufunafuna chimene iyeyo ayenera kuchita. Komanso foni imaonetsa mutu wa imelo ndi mawu ochepa oyambirira munthu asanaitsegule, ndipo ambiri amasankhira pamenepo zoti awerenge tsopano kapena mawa. Asilikali a ku America ali ndi dzina la kalembedwe kothetsa vutoli, BLUF, kutanthauza kuti mfundo yaikulu izikhala pamwamba penipeni.

Pokonza, mlembi ayambe wadzifunsa: a tcheya akangomaliza kuwerenga, achite chiyani? Yankho likwane m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mneni wogwirika, monga vomerezani, sainani kapena tumizani. Mawu ngati "onaniponi" ndi "tithandizeni maganizo" samuuza munthu pamene ntchito yake yathera. Ngati mayankho atuluka awiri, lole ndi sikelo, ndiye kuti maimelo ndi awirinso, chifukwa munthu wopemphedwa ziwiri amakonda kuyankha chopepukacho n'kuiwala chinacho.

Pa nthawi yoyankhira ndi pamene ambiri amazengereza, poopa kuoneka ngati akulamula wamkulu. Amathawira ku "mwamsanga" kapena "sabata ino". Koma msanga wa mlembi ndi lero, wa a tcheya mwina ndi Lolemba. Chofunika ndi dzina la tsiku, deti ndi ola, kenaka chifukwa chake. Chifukwacho ndicho chimachotsa mwano, pakuti wamkulu amaona yekha kuti wamupanikiza ndi mwini lole, osati mlembi.

Deti lilembedwe ndi dzina la mwezi. Wolemba 12/06 ku Malawi akunena 12 Juni, koma Mmereka awerenga 6 Disembala. Ola nalo limasokoneza ngati wolandirayo ali kunja: Lilongwe ndi Johannesburg nthawi ndi imodzi, koma London imatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto a Malichi mpaka kumapeto a Okutobala.

Ndime zisanu zija zikaphwera, m'bokosi la Subject mulowa mawu akuti "Chilolezo cha K350,000 ya lole, pofika Lachinayi 12 Juni". Uthenga wake ukhala wotere:

"Bambo Wapampando, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti muvomereze kulipira K350,000 yobwerekera lole yonyamula mtedza wathu, ndipo mundiyankhe pofika Lachinayi pa 12 Juni, 12 koloko masana. Mwini lole wati ikadutsa nthawiyi aipereka kwa ena. Ndalamayi ilipo kwa a msungichuma, ndipo pepala la mtengo ndaliphatika pa imelo ino. Mukangoyankha kuti 'ndavomera' zikwanira. Zikomo kwambiri."

Moni sanachotsedwe, ndipo sayenera kuchotsedwa. Kalata yopita kwa wamkulu yongoyamba ndi ndalama imamveka yamwano, ndipo munthu wokhumudwa safulumira kuyankha. Mzere umodzi ukwana. Zotsalazo zadutsa pa sefa imodzi: kodi a tcheya akufunika kudziwa zimenezi kuti avomere kapena akane? Za ndalama yomwe ilipo, inde. Za msonkhano wapita, ayi.

Msampha wina uli pa mayina. Imelo ikapita kwa anthu asanu pamodzi, aliyense amayesa kuti mnzake ayankha. M'bokosi la To mukhale a tcheya okha, a msungichuma akhale mu Cc kuti angodziwa.

Kalembedweka kali ndi malire ake. Nkhani ya mkangano, kapena yodzudzula munthu, ikafupikitsidwa chonchi imabaya. Imeneyo imafuna kuimba foni kapena kukhalirana pansi. Ndipo Lachitatu madzulo likafika a tcheya ali chete, mlembi asayambe imelo yatsopano. Ayankhe pa yomweyo ndi mzere umodzi wokumbutsa za mawa masana, kenaka aimbe foni. Ya sikelo ailembe Lachisanu, lole itapezeka.