Kalata yopempha banki kuti ikufewetsereni ngongole ntchito ikatha

Ntchito ikatha, ambiri amene ali ndi ngongole kubanki kapena ku SACCO amayamba kuzemba foni. Komatu chiwongoladzanja chimapitirira kukwera, chindapusa cholipira mochedwa chimawonjezekera, ndipo dzina limakafika ku Credit Reference Bureau, kumene obwereketsa ena amakaona mbiri ya munthu asanamupatse ndalama. Nthawi yabwino yolemba kalata ndi sabata yomwe mwalandira chikalata chokuchotsani ntchito, musanaphonye mwezi ndi umodzi womwe. Musanalembe, werenganinso mgwirizano wa ngongoleyo, chifukwa ngongole zina zimakhala ndi inshuwalansi yomwe imalipira miyezi ingapo munthu akachotsedwa pochepetsa antchito.

Kalata yongodandaula kuti "zinthu zandivuta, mundiganizire" simuthandiza ofisala wa ngongole. Iye amafuna nambala yoti akaonetse akuluakulu ake, ndipo nambalayo iyenera kuchokera m'masamu a pakhomo panu.

Tiyerekeze dalaivala wa pakampani yemwe ankalandira K400,000 pamwezi ndipo wagwirapo zaka 4. Ngongole yake yatsala K1,200,000, chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pamwezi pa ndalama yotsala, ndipo amayenera kubweza pafupifupi K120,600 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Tsopano pakhomo pakulowa K240,000: geni ya kaunjika ya mayi a kunyumba ikubweretsa K150,000, maganyu oyendetsa galimoto K90,000. Lendi ikutenga K60,000, chakudya K85,000, madzi, magetsi ndi makala K20,000, zakusukulu ndi thiransipoti K15,000. Zonse pamodzi ndi K180,000, ndiye kuti pakutsala K60,000. Asalonjeze yonseyo. Mwana akadwala malungo kapena kaunjika akapanda malonda, lonjezo lisweka mwezi wachiwiri womwe, ndipo banki siimvanso zakenso kachiwiri. Apatule K10,000, alonjeze K50,000.

Apa mpamene pafunika kudekha. Chiwongoladzanja cha mwezi woyamba pa K1,200,000 ndi K36,000. Akati azipereka K30,000, ngongole izikula ngakhale akulipira mokhulupirika. Pa K50,000, ndalama yodula ngongole yeniyeniyo mwezi woyamba ndi K14,000 yokha. Ngongoleyo idzatha patapita miyezi pafupifupi 43, atabweza ndalama zoposa K2,100,000 m'malo mwa K1,447,000 ya poyamba. Mpumulo wotere ndi wodula, ndipo ine ndimaona kuti munthu ayenera kuudziwa mtengo wake asanasayine.

Chomwe chingachepetse mtengowu ndi ndalama ya chipukutamisozi. Lamulo la zantchito m'Malawi limati wochotsedwa pochepetsa antchito alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyambirira, choncho dalaivala wathuyu ayembekezere ndalama yoposa K700,000 asanadule msonkho. Akaperekapo K300,000 kamodzi, ngongole itsika kufika pa K900,000, chiwongoladzanja cha mwezi chikhala K27,000, ndipo K50,000 yomwe ija imaliza zonse m'miyezi 27. Zotsalazo asunge zodyera kufikira ntchito ina itapezeka.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Pamwamba pakhale dzina, nambala ya ngongole ndi deti, kenako mawu ngati awa:

"Wokondedwa Bwana Manijala, ntchito yanga yatha kumapeto kwa mwezi uno chifukwa kampani yachepetsa antchito, monga ikusonyezera kalata yomwe ndaphatikiza. Pakhomo panga tsopano pakulowa K240,000 pamwezi ndipo zofunika zikutenga K180,000. Sindingathenso kubweza K120,600. Ndikupempha kuti ndipereke K300,000 ndikangolandira chipukutamisozi, kenako K50,000 pa 5 mwezi uliwonse, ndipo tidzaunikenso ndalamayi pakatha miyezi 6 kapena ndikapeza ntchito. Ndikupemphanso kuti muyimitse chindapusa pamene mukuganizira pempholi, ndi kuti mundiyankhe polemba."

Aphatikize kalata ya kuntchito, sitetimenti ya banki ya miyezi itatu ndi pepala la bajeti ija. Akakapereka kunthambi, apite ndi makope awiri kuti imodzi aidinde, ailembe deti, abwerere nayo.

Banki siikakamizidwa kuvomera, ndipo mgwirizano wakale umagwirabe ntchito mpaka watsopano utasayinidwa. N'chifukwa chake K50,000 ija aziperekabe podikira yankho, akusunga malisiti. Mawu a pafoni oti "musadandaule bwana, tikonza" asawadalire. Pepala latsopano likabwera aone ndalama yonse yomwe adzabweze, ngati awonjezerapo fizi yokonzeranso ngongole, ndi ngati akufuna chikole china kapena mboni yatsopano. Mboni yomwe inamusayinira poyamba aiuze yekha nkhaniyi, isakamvere kubanki. Pempho likangokhala osayankhidwa, kapena akamudula ndalama zomwe sizili mumgwirizano, ayambe wadandaula kwa obwereketsawo polemba, ndipo zikakanika nkhaniyo apite nayo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama omwe ali m'kaundula.