Mmene mawu amachotsedwera pamsana pa mafunde a wailesi

Woyendetsa ndege akamakonzekera kutera pa bwalo la Chileka, amalankhulana ndi anthu a pansanja kudzera pa wailesi ya mtundu wa AM. Ndege za anthu wamba padziko lonse zimatero, pa mafunde a pakati pa 118 ndi 137 MHz. Ndi njira yakale yomwe ija ya mawailesi a m'nyumba amene anali ndi singano yoyenda pakati pa 531 ndi 1602 kHz. Mawu a munthu paokha sangapite patali, motero amakwezedwa pa funde lothamanga kwambiri, lotchedwa funde lonyamula. Liwiro la fundeli silisintha. Chimasintha ndi msinkhu wake: mawu akakwera, funde limatalika, mawu akatsika, limafupika. Munthu atajambula mzere wolumikiza nsonga zonse za mafundewo, angapeze kuti mzerewo uli ndi maonekedwe a mawu aja. Akatswiri amautcha envelopu, ndipo ntchito ya wolandira ndi kuutulutsa wosapunduka.

Mawailesi akale ankachita zimenezi ndi tizipangizo titatu: dayodi, kapasita ndi rezisita. Dayodi imadula theka la pansi la funde, kapasita imadzaza mpaka pa nsonga, kenako imakhuthuka pang'onopang'ono kudzera mu rezisita podikira nsonga yotsatira. Njirayi ndi yotchipa ndipo yatumikira anthu zaka zambiri, koma ili ndi chilema chake. Kapasita ikamakhuthuka msanga, mzere umatuluka ndi mano ngati a sowo. Ikamachedwa, imalephera kutsatira mawu pamene akutsika mofulumira. Wokonza amangosankha pakatikati.

Vuto lenileni ndi lakuti envelopu imaoneka pa nsonga pokha. Pakati pa nsonga ziwiri funde limadutsa pa ziro, ndipo pamenepo muyeso umodzi sungauze munthu ngati mawu ali okwera kapena otsika.

Mu 1946, Dennis Gabor, mbadwa ya ku Hungary amene ankagwira ntchito ku Britain, anafalitsa njira yozungulira vutoli. Ndi yemwe uja amene mu 1971 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito ina, ya zithunzi za hologilamu. Dzina loti siginolo ya analitiki linadza patapita zaka ziwiri, mu 1948, m'zolemba za Mfalansa Jean Ville. Masamu amene ali pansi pa zonsezi amatchedwa ndi dzina la David Hilbert, katswiri wa ku Germany.

Maganizo a Gabor amamveka bwino tikaganizira mwana amene akuzunguza mwala womangidwa pa chingwe. Munthu woima chapatali, maso ake ali pa msinkhu umodzi ndi mwalawo, saona bwalo. Amangoona mwala ukupita kumanja, ukubwerera kumanzere, ndipo ukafika pakati amatha kuganiza kuti chingwe chatha. Koma patakhala woonerera wachiwiri amene waima chakumbali, mwala ukakhala pakati kwa woyamba, kwa wachiwiri umakhala uli kumapeto kwenikweni. Aliyense ali ndi theka la nkhani. Akaphatikiza miyeso yawo mwa lamulo la Pythagoras, amapeza utali wa chingwe nthawi iliyonse, ngakhale mwanayo atamachikoka kapena kuchimasula. Funde limene wailesi imalandira ndi zimene akuona woyamba uja, ndipo utali wa chingwe ndiwo envelopu. Chikusowa ndi woonerera wachiwiri.

Kusandutsa kwa Hilbert ndiko kumapanga wachiwiriyo kuchokera kwa woyamba. Kumatenga kafunde kalikonse kamene kali mu siginolo n'kukasuntha ndi madigiri 90, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwake, popanda kukhudza msinkhu. Kosaini amasanduka saini. Tikatchula funde lolandiridwa kuti x, ndipo mnzake wosunthidwa kuti y, ziwirizi zimamangidwa pamodzi m'nambala imodzi ya miyendo iwiri, z = x + jy. Imeneyi ndiyo siginolo ya analitiki, ndipo envelopu ndi √(x² + y²).

Tiyese ndi manambala. Funde lonyamula lizigunda ka 1000 pa sekondi. M'malo mwa mawu a munthu tiike kamvekedwe kamodzi ka 50 Hz, kamene kazikweza ndi kutsitsa msinkhu ndi theka. Ndiye kuti msinkhu uziyenda pakati pa 0.5 ndi 1.5. Kompyuta iziyeza funde ka 8000 pa sekondi, kwa sekondi imodzi, motero kuzungulira kulikonse kwa funde lonyamula kuli ndi miyeso isanu ndi itatu.

Pa muyeso woyamba, x ndi 1.5 ndipo y ndi 0. Envelopu ndi 1.5. Pa muyeso wachiwiri funde lasuntha madigiri 45, x watsika kufika pa 1.06, ndipo y wakwera kufika pa 1.06 yemweyo. Aliyense akachulukitsidwa ndi iye mwini amapereka pafupifupi 1.12, awiriwo pamodzi ndi 2.25, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa imapereka 2.25 ndi 1.5. Pa muyeso wachitatu x ndi 0 ndithu, malo amene dayodi ikanasowa chonena, koma y ali pa 1.498, ndipo envelopu ndi imeneyo. Kuchepa pang'onoko ndi koona, chifukwa kamvekedwe ka 50 Hz kayamba kale kutsika. Pakatha mamilisekondi 10, envelopu imafika pansi penipeni pa 0.5, kenako n'kuyambanso kukwera. Kukoma kwa njirayi kuli pamenepa: muyeso uliwonse uli ndi yankho lake, popanda kudikira nsonga ndipo popanda mano a sowo.

Nanga kompyuta imamupeza bwanji y? Sisuntha kafunde kalikonse pamanja. Imadutsira njira ya chidule imene imachokera pa mfundo ina ya mwana wa chingwe uja. Woonerera mmodzi sangadziwe ngati mwala ukuzungulira chakumanja kapena chakumanzere, poti zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi kwa iye. Masamu nawonso amatero. Funde lililonse loyezedwa amaliona ngati magawo awiri ofanana, lina lozungulira chamtsogolo, lina chambuyo. Njira ya FFT, imene imaphwanya siginolo kukhala timafunde take, imaonetsa zimenezi poyera. M'chitsanzo chathu imapeza timafunde titatu, pa 950, 1000 ndi 1050 Hz, ndipo kalikonse kamaoneka kawiri, chamtsogolo ndi chambuyo.

Kupanga siginolo ya analitiki ndiye kusankha mbali imodzi. Miyeso 8000 imapereka timabokosi 8000, towerengedwa kuyambira 0. Timabokosi ta 4001 mpaka 7999, tosunga zozungulira chambuyo, timafufutidwa. Ta 1 mpaka 3999 timachulukitsidwa kawiri pofuna kubweza theka lotayidwa lija. Bokosi la 0 ndi la 4000 alibe anzawo, choncho amasiyidwa momwe alili. Kenako FFT imabwezedwa, ndipo chotuluka ndi z. Pulogalamu ya Python ili ndi zonsezi m'lamulo limodzi:

```python
import numpy as np
from scipy.signal import hilbert

t = np.arange(8000) / 8000
x = (1 + 0.5*np.cos(2*np.pi*50*t)) * np.cos(2*np.pi*1000*t)
z = hilbert(x)
env = np.abs(z)
```

Ophunzira ambiri amapunthwa pa dzina la lamuloli. Ngakhale limatchedwa `hilbert`, limapereka z yense, osati y yekha. Wofuna y amamutenga ndi `np.imag(z)`. Pulogalamu ya MATLAB nayonso imachita chimodzimodzi.

Chofunika kusamala nacho ndi chakuti mizere imeneyi sikana ntchito. Munthu akaipatsa siginolo iliyonse, imatulutsa mzere wooneka ngati envelopu, kaya uli ndi tanthauzo kapena ayi. Wogwiritsa ntchito ndiye ayenera kudziwa zizindikiro.

Chizindikiro chodziwika kwambiri chimadza pamene mawu akwezedwa mopyola muyeso. Tisinthe 0.5 uja akhale 1.5. Tsopano msinkhu ukufuna kutsika mpaka -0.5, koma utali sungakhale pansi pa ziro. Gawo lonse lopyola ziro limapindidwira m'mwamba, ndipo m'chigwa chilichonse mumamera kaphiri kakang'ono kofika pa 0.5, kokhala ndi ngodya zakuthwa mbali zonse ziwiri. M'khutu zimamveka ngati mawu osasa, chifukwa pabadwa timafunde tatsopano pa 100 Hz, 150 Hz ndi kupitirira. Envelopu ikamagunda ziro ndi ngodya yakuthwa chotero, vuto lili kwa wotumiza, ndipo `np.abs` sangalikonze.

Vuto lina ndi laling'ono koma lofala. Chipangizo choyezera chikawonjezera 0.1 pa muyeso uliwonse, pakati pa bwalo pamasuntha, ndipo envelopu imayamba kunjenjemera ndi pafupifupi 0.1 m'mwamba ndi pansi, pa liwiro la funde lonyamula, 1000 Hz. Mankhwala ake ndi kuchotsa avereji ya x asanaitanidwe `hilbert`. Chimodzimodzi siteshoni yoyandikana ikalowerera. Pa mafunde apakati ku Africa ndi ku Ulaya masiteshoni amatalikirana 9 kHz, ndipo mafunde onyamula awiri akakumana mu siginolo imodzi, envelopu imatenga kalikhweru ka 9 kHz. Njira ya Gabor sisiyanitsa mwini ndi mlendo, motero siginolo iyenera kuyamba yasefedwa kuti patsale siteshoni imodzi yokha.

Pali ndi malire a masamu enieniwo. Edward Bedrosian anasonyeza mu 1963 kuti kusandutsa kwa Hilbert kumasuntha funde lonyamula lokha n'kusiya envelopu osaikhudza ngati timafunde tonse ta uthenga tili pansi pa funde lonyamula. Pa 50 ndi 1000 Hz mpata ndi waukulu. Uthenga wa 1200 Hz pa funde lonyamula lomwelo ungapereke mzere wosagwirizana ndi zimene zinatumizidwa.

Chomaliza ndi m'mphepete. FFT imaona miyeso ngati yolumikizidwa mutu ndi mchira. Chitsanzo chathu chinasankhidwa mwadala kuti mafunde onse athe ndendende pa sekondi imodzi, ndiye pamfundo palibe chotupa. Siginolo yojambulidwa kuchokera mumlengalenga sikhala yomvera choncho. Imadulidwa paliponse, ndipo envelopu imagwedezeka koyambirira ndi kumapeto, n'kukhazikika chapakati. Odziwa ntchito amajambula motalikirapo kuposa zimene akufuna, kenako n'kutaya nsonga zonse ziwiri.

Njira yomweyi imagwiranso kutali ndi wailesi. Makina ambiri ounikira amayi oyembekezera amatulutsa envelopu ya mafunde obwerera kuchokera m'thupi, ndipo kutalika kwake ndiko kumasanduka kuwala kwa kadontho kalikonse pa chithunzi. Amisiri a m'mafakitale amaunika envelopu ya kunjenjemera kwa makina kuti apeze beyaringi yoyamba kung'aluka, poti mng'alu umagogoda pa liwiro lodziwika nthawi iliyonse kampira kakadutsapo.

Pa wailesi yolankhulirana ngati ya ndege, kudikira sekondi yathunthu ya miyeso sikungatheke. Kumeneko y amapangidwa ndi sefa yaifupi imene imachedwetsa siginolo pang'ono, ndipo x amachedwetsedwa mofanana kuti awiriwo afike limodzi. Mawailesi amakono oyendetsedwa ndi kompyuta amachita mwina: amasakaniza funde lolandiridwa ndi mafunde awiri otalikirana madigiri 90, n'kutulutsa mizere iwiri yotchedwa I ndi Q. Pamenepo pulogalamu imangowerengera √(I² + Q²), kuchotsa avereji, ndi kutumiza zotsalazo ku sipika.