Nambala za mu labu zikasemphana ndi za m'buku

Wophunzira Kemisitiri wathira 25.0 cm³ ya asidi wa HCl mu fulasiki pogwiritsa ntchito pipeti, waonjezera madontho awiri a fenofutalini, ndipo akudontheza NaOH kuchokera mu byureti kufikira madziwo atangoyamba kuoneka apinki. Ntchitoyi imatchedwa taitireshoni. Mabotolo onse awiri alembedwa 0.100 M, ndipo popeza mankhwala awiriwa amathana mphamvu mofanana, payenera kulowa 25.0 cm³ ya NaOH. Koma iye wapeza 26.80, 26.40, 26.45 ndi 26.35. Kodi alembe zotani m'gawo la lipoti lofotokoza tanthauzo la zotsatira?

Ambiri amangoti "munthu analakwitsa", kapena "zipangizo n'zakale". Mawu otere sanena kanthu. Ena amakonza manambala kuti ayandikire 25.0, ndipo kumeneko n'kunama. Gawoli ndi malo ofufuzirapo mlandu, ndipo mboni zake ndi manambala omwewo.

Ayambe ndi kukula kwa kusiyanako. Nambala yoyamba ija inali yongoyesera, ndiye aisiye ndipo anene kuti waisiya. Avereji ya zitatu zotsalazo ndi 26.40 cm³, kutanthauza kuti mphamvu ya NaOH ndi 0.100 × 25.0 ÷ 26.40 = 0.0947 M. Yachepa ndi pafupifupi 5 peresenti poyerekeza ndi zolembedwa pabotolo.

Kenaka adzifunse ngati zipangizo zingaphonye motero. Byureti wamba amawerengedwa mophonya ndi 0.05 cm³, ndipo timamuwerenga kawiri, poyamba ndi pomaliza, zomwe zikupereka 0.10 cm³, kapena 0.4 peresenti. Pipeti amaonjezerapo pafupifupi 0.2 peresenti. Zonse pamodzi sizikufika ndi 1 peresenti yomwe, choncho zipangizo zilibe mlandu. Komanso manambala atatu aja ali pafupipafupi kwambiri. Dzanja lonjenjemera likanawamwaza, ena pamwamba pa 25.0, ena pansi. Apa onse apendekera mbali imodzi, kusonyeza kuti pali chinthu chimodzi chomwe chimabwereza ulendo uliwonse.

Apa ndi pomwe lipoti labwino limadziwikira. Chifukwa chilichonse chomwe wolemba watchula chiyenera kukankhira nambala mbali yomwe yapitadi. Pipeti akanakhala ndi madzi m'kati, asidi akanasungunuka, ndipo NaOH wofunika akanachepa. Kwa wophunzira wathuyu wachuluka, ndiye chifukwachi chagwa. Madzi otsalira mu fulasiki, omwe ophunzira amakonda kuwanamizira, sasintha chilichonse, poti asidi yemwe wathiridwamo ndi yemweyo.

Zotsala ndi zomwe zimakweza nambala, ndipo nazo aziyeze kukula kwake. Mwina anapitirira pothera? Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 cm³, choncho 1.40 cm³ yopitirirayo ndi madontho 28. Madziwo akanafiira moti aliyense akanaona, ndipo n'kovuta kupitirira mofanana katatu konse. Mpweya wotsekeredwa kunsonga kwa byureti ukatuluka umakwezadi nambala, koma umatuluka kamodzi basi. Ungathe kufotokoza 26.80 uja, osati enawo. Byureti wotsukidwa ndi madzi okha, osamutsukuluza ndi NaOH, amasungunula mankhwala, koma vutoli limanka lichepa akamadzazidwanso, pomwe manambala athu sakutsika motsatana.

Wokayikiridwa kwambiri ndi NaOH mwini wake. Timibulu take toyera timakoka chinyezi ndi mpweya wa CO₂ mofulumira, moti ukatisiya pasikelo timayamba kunyezimira ndi kunyowa iwe ukuona. Kuti apange lita imodzi ya 0.100 M, wokonza amayeza magalamu 4.00. Ngati magalamu 0.2 mwa amenewo anali madzi, kusiyana konse kwa 5 peresenti kwafotokozeka. Mbali yagwirizana, kukula kwagwirizana, ndipo vutoli lili m'botolo lomwe miyeso yonse inachokera.

Komabe asalembe ngati wagwira wakuba. Asidi akanakhala wa 0.106 M m'malo mwa 0.100 M, manambala akanatuluka omwewa, ndipo taitireshoni imodziyi singalekanitse ziwirizi. Alembe momwemo: "Zotsatirazi zikugwirizana ndi NaOH wofooka, ngakhale asidi wamphamvu kuposa zolembedwa angabweretsenso zomwezi."

Pomaliza anene chomwe chingathetse kukayikaku. Kubwereza kakhumi sikuthandiza, chifukwa botolo lomwelo lidzapereka 26.40 yemweyo. Chofunika n'kuyeza NaOH uja ndi KHP, asidi waufa yemwe sakoka chinyezi ndipo amayezeka bwino pasikelo. Akapezanso 0.095 M, vuto lili mu NaOH. Akapeza 0.100 M, atembenukire ku botolo la asidi.