Netiweki yafooka kapena yazimiratu? Mmene foni imauzira mwini wake

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, mawu akuti "netiweki yapita" amanenedwa pa mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi kufooka kwa mafunde, pamene nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel ikugwira ntchito bwinobwino koma mafunde ake akufika pafoni atatha mphamvu. Lachiwiri ndi kuzima kwenikweni, pamene nsanjayo yasiya kutumiza mafunde, monga zinkachitikira mu 2024 magetsi akazima kwa maola ambiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, mabatire a pansanja n'kutha.

Mafunde amafooka ndi mtunda, makamaka munthu akachoka mumsewu wa Great East n'kulowa m'midzi ya kuseri kwa mapiri ngati a Mphangwe, ndipo otsalawo amadyedwanso ndi khoma la njerwa zowotcha, pamene malata amawabweza ngati mmene kalilole amabwezera kuwala. Timizere ta pakona ya foni si mboni yodalirika, popeza kampani iliyonse yopanga mafoni imatiwerengera mwanjira yakeyake. Chodalirika ndi nambala imene mafoni ambiri a Android amaonetsa pa "SIM status" mu "Settings", yolembedwa mu dBm, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde ofika pafoni. Nambalayi imayamba ndi chizindikiro chochotsera, choncho -85 ndi mafunde amphamvu, pamene -115 ndi mafunde ongotsala pang'ono kutha, ndipo kusiyana kwa 10 kulikonse kumatanthauza mphamvu yochuluka kapena yochepa kakhumi.

Mwachitsanzo, foni ikaonetsa -114 kuchipinda, -105 pawindo ndi -95 pamwamba pa chulu chapafupi, ndiye kuti nsanja ili moyo, ndipo khoma ndi denga ndizo zikumeza pafupifupi mphamvu yonse ya mafundewo. Apa kuimbira kampani n'kutaya nthawi, chofunika n'kuika foni pawindo loyang'ana kunsanja kapena kuichotsa pa 4G n'kuiika pa 2G, imene kawirikawiri imafika patali ngakhale intaneti yake ndi yaulesi.

Kuzima kwenikweni sikusamala za malo amene munthu waima. Kumabwera mwadzidzidzi pamalo pamene dzulo pankagwira bwino, kukwera chulu sikusintha kanthu, ndipo anansi onse a kampani imodzimodziyo amadandaula nthawi imodzi. Mawu akuti "Emergency calls only" amasonyeza kuti foni ikumva nsanja ya kampani ina koma siikulumikizana ndi yake. Ngati ndi foni imodzi yokha imene yatero, poyambira kufufuza ndi pa simukhadi.

Ku Vubwi ndi kufupi ndi chipata cha Chanida pali msampha wina: mafunde a kwawo akafooka, foni imatha kugwira nsanja ya ku Malawi kapena ku Mozambique, timizere n'kudzaza koma kuimba n'kukanika kapena kudula mtengo, ndipo chimene chimaulula zimenezi ndi kachilembo ka "R" kapena dzina lachilendo pamwamba pa foni.