Kafukufuku wa m'mudzi umodzi sangathetse njala ya dziko lonse

Ophunzira ambiri akamalemba pempho la kafukufuku amapunthwa pa gawo lofotokoza chifukwa chake ndi phindu lake. Wina akufuna kucheza ndi alimi 40 a m'mudzi umodzi ku Dedza za mmene amasungira chimanga, koma walemba kuti kafukufukuyu adzathetsa njala m'Malawi. Woweruza pempho akangowerenga zimenezi, chikhulupiriro chimamuthera pomwepo.

Alimi 40 angakuuzeni chiyani kwenikweni? Angakuuzeni chifukwa chimene ena anasiyira nkhokwe n'kuyamba matumba, mwezi umene anankafumbwe amayamba kuboola chimanga, komanso ngati mankhwala amawakwanitsa kugula. Sanganene za alimi a ku Nsanje, kumene kumatentha. Ndiponso kucheza kokha sikungatsimikize kuti matumba amaposa nkhokwe, pakuti zimenezo zimafuna kuyeza chimanga chowonongeka.

Choncho lembani kuti zotsatira zidzathandiza alangizi a zaulimi a m'deralo kudziwa chimene chimalepheretsa alimi kuteteza zokolola. Ine ndikamawerenga pempho, lonjezo lililonse ndimalifunsa kuti: ndi funso liti mwa mafunso anu lidzabweretse yankho limeneli? Likasowa funso lake, ndimalidula ndi cholembera.